Osewera odula awiri, kaputeni mmodzi: yankho kwa mlongo wa ku Mchinji

"Achimwene, ndalowa Fantasy Premier League, koma ndikagula osewera odula awiri ndalama zikumandithera timu isanakwane. Ndizigawa bwanji, nanga ukaputeni ndizipatsa ndani?"

Achemwali, powerengera ndalama yambirani pa benchi. M'masewera a pa intanetiwa mumapatsidwa mapaundi ongoyerekeza 100 miliyoni kuti mugule osewera 15 a mu ligi ya ku Mangalande, ndiwo magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo asanu, apakati asanu ndi akutsogolo atatu, ndipo timu imodzi simungatengeko oposa atatu. Okubweretserani mapointi ndi 11 okha, choncho ndalama yoikidwa pa anayi otsalawo imangogona. Mukatenga goloboyi wa 4.0 miliyoni, otchinga a 4.0 ndi 4.5, komanso wapakati wa 4.5, benchi yadya 17.0 ndipo mwatsala ndi 83.0. Wotchinga wa 4.5 uja akhale woti ku timu kwake amayamba masewero, chifukwa ndiye adzalowe wina akavulala.

Tsono nazi masamu. Nyengo ya 2025/26 itayamba, Salah anali pa 14.5 ndipo Haaland pa 14.0. Kugula onse awiri kumasiya 54.5 ya anthu asanu ndi anayi, pafupifupi 6.0 aliyense, pomwe kugula Haaland yekha kumasiya 69.0 ya anthu khumi, 6.9 aliyense. Kwa ine wosewera wodula chotero amabweza ndalama yake pokhapokha akavala ukaputeni, popeza mapointi a kaputeni amawerengedwa kawiri. Ukaputeniwo ndi umodzi, kotero mukakhala ndi awiri, sabata iliyonse mmodzi mumamulipira mtengo wa kaputeni asali kaputeni.

Posankha kaputeni ndimayamba kufunsa ngati munthuyo ayambe masewerowo, kenako ndimaona ngati akusewera pakhomo ndi timu yomwe ikuchinyitsa zigoli zambiri, ndiponso ngati ndiye womenya mapenate. Kumbukiraninso kuti chigoli cha wapakati ndi mapointi 5, cha wakutsogolo 4.

Funso loyambalo ndimalilemekeza chifukwa linandilumapo. Wachiwiri kwa kaputeni amatenga udindo pokhapokha kaputeni asanaponde m'bwalo ngakhale pang'ono. Loweruka lina, tili m'nyumba yoonetsera mpira kuno ku Kasungu, ndinaona kaputeni wanga yemwe anali atangochira akulowa mphindi zisanu zomaliza. Anapeza pointi imodzi, inasanduka ziwiri, pomwe wachiwiri wake anali atamwetsa zigoli ziwiri zomwe zinawerengedwa kamodzi kokha. Anzanga a m'ligi yathu sanaleke kundiseka mpaka lero.

Chenjerani ndi nthawi. Zosintha zimatsekedwa kutatsala mphindi 90 kuti masewero oyamba a sabatayo ayambe. Akakhala a 12:30 ku Mangalande, kuno mumatsekeredwa 12 koloko masana mu Ogasiti ndi Seputembala, koma 1 koloko kuyambira kumapeto kwa Okutobala, iwo akabweza mawotchi awo, mpaka kumapeto kwa Malichi. Masabata ena mpira umayamba Lachisanu usiku, choncho ikani kaputeni Lachinayi bandulo isanathe, ndipo mudzangomusintha mukamva kuti wavulala.