Yambani ndi manambala, mayina pambuyo

"Ndaphatikiza mindandanda itatu ya makasitomala mu Excel, koma munthu mmodzi akuoneka katatu. Ndikonze bwanji ndisanapereke lipoti?"

Achimwene, sungani kaye kope la fayiloyo padera. Kenako yambani ndi manambala a foni, chifukwa dzina aliyense amalemba mmene wamvera. Nambala imodzi mwina yalembedwa 0999, pena +265 999, pena Excel yadya ziro woyamba. Chosasintha ndi manambala 9 omaliza, choncho ngati manambala ali m'danga B, m'danga latsopano lembani:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(B2," ",""),"-",""),9)
```

Zotsatira zonse ziyambe ndi 8 kapena 9. Yosatero muione ndi maso, kawirikawiri imakhala yakunja kapena yolembedwa moperewera. Za +27 za ku Joni zipatuleni musanayambe, zingadulidwe molakwika.

Mayina, ngati ali m'danga A, ayeretseni ndi `=PROPER(TRIM(A2))`, koma samalani: Ng'oma amasanduka Ng'Oma, ameneyo mukonze pamanja.

Chonde musathamangire Remove Duplicates, batani la mu Excel lofufuta mizere yobwereza. Ine ndinafufutapo mayi wina chifukwa ankagwiritsa ntchito foni imodzi ndi amuna awo, ngongole yawo n'kusowa mulipoti. Sanjani potengera nambala, ndipo pomwe nambala yafanana koma mayina asiyana, imbani foni mufunse.