Kampira ka mapointi 150 kaja sanakaikire mpira, anakaikira nkhani

"Abale, Loweruka ndimaonera Harry Potter ndi ana anga kuno ku Chibavi, ndiye masewera aja owuluka pa matsache andisokoneza. Ngati kugwira kampira kagolide kaja ndi mapointi 150 ndipo gemu ithera pompo, nanga enawo akuvutikiranji ndi zigoli za 10 10? Wolembayo analakwitsa masamu kapena ndine sindikumva?"

Achimwene, mwamva bwino lomwe, ndipo mukaiona ngati gemu yoti anthu akasewere pa Mzuzu Stadium ndiyopendekekadi, palibe kochi angavomere zimenezo. Koma J.K. Rowling sankapanga ligi ayi, ankalemba nkhani ya mwana mmodzi, ndiye lamulo lililonse la Quidditch muzilifunsa kuti likumukakamiza mwanayo kuchita chani. Ine mabuku onse seveni ndinawerenga kawiri ndipo mbali imeneyi imandikoma kwambiri, ndiye mundipirire ndilemba zambiri.

Choyamba tigwirizane mmene timu ilili. Osewera ndi 7. Atatu ndi omwetsa zigoli, amaponya mpira wofiira uja m'mikombero itatu ndipo chigoli chimodzi ndi mapointi 10. Mmodzi ndi goloboyi. Awiri ali ndi zibonga, ntchito yawo ndi kumenya mipira iwiri yakuda ija yomwe imathamangitsa anthu kuti iwagwetse pa tsache. Wotsalayo ndi msaki, amene amasaka kampira ka mapiko komwe pa sikirini amalemba kuti Snitch, ndipo Harry udindo wake ndi umenewu. Palibe mphindi 90, palibe wotchi, gemu singathe mpaka kampirako kagwidwe.

Ndiye onani bwino, pa kampira kameneka pali malamulo awiri omata pamodzi. Loyamba likuti wagwira wapeza 150. Lachiwiri likuti wagwira watseka gemu. Nthawi zambiri awiriwa amayenda limodzi ndiye timangowaona ngati lamulo limodzi, wagwira wawina basi. Koma wolembayo anasunga mpata woti tsiku lina malamulo awiriwa akokerane mbali zosiyana, ndipo magemu onse okoma m'mabukumo ndi amene zimenezi zachitika.

Masamu ake ndi ophweka. 150 ndi zigoli 15. Timu yanu ikatsalira ndi zigoli 14, mwagwira mwawina ndi 10. Ikatsalira ndi zigoli 16, mwagwira mwaluza ndi 10, ndipo mwadzitsekera nokha gemu. M'buku lachinayi lomwe linatuluka mu 2000, pa fainolo ya chikho cha dziko lonse Ireland inali pa 170 pomwe Bulgaria inali ndi kachigoli kamodzi kokha, 10. Viktor Krum, msaki wa Bulgaria, mphuno itaswedwa kale ndi mpira wakuda uja magazi ali chuchuchu, anagwira kampirako ndipo zinathera 170 kwa 160. Ron anakwiya kuti munthuyu wapusa bwanji kutseka gemu ali kumbuyo, Harry ndi amene anamvetsa kuti Krum anaona kuti omwetsa a Ireland sangawapezenso ndiye anafuna ithe iye atasankha yekha. Apa enawo a 10 10 aja ndi amene anawina chikho. Filimu ya 2005 inadula gemu yonseyi, imangoonetsa matimu akulowa kenako tili ku matenti, nchifukwa chake amene anangoonera mafilimu funso lanuli amakhala nalo.

Komano sizinathere pa bwalo. Mapasa aja Fred ndi George gemu isanayambe anabetcha ndalama zawo zonse zomwe anasunga kwa Ludo Bagman, kuti Ireland iwina koma Krum ndi amene agwire. Beti yotereyi ingatheke pokhapokha ngati malamulo awiri aja angasiyane. Anawina, koma Bagman anawalipira ndi golide wamatsenga yemwe kutacha anali atasowa, chaka chonse anyamatawa akumulondola osaphula kanthu, ndipo kumapeto kwa buku Harry anawapatsa ndalama zake za mphoto ya mpikisano wina wa masukulu atatu a matsenga womwe iye anawina, Galleon 1000, zomwe anatsegulira shopu yawo ya zoseweretsa. Ndiye shopu mumaiona mu filimu ya nambala 6 ija, mukaitsata mzu wake mukafika pa lamulo la 150.

Koma gemu yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ili m'buku lachitatu la 1999, ndipo nayonso mu filimu mulibe. Chaka chimenecho Gryffindor, timu ya Harry, inayamba ndi kuluza kwa Hufflepuff, Harry anagwa pa tsache zilombo zovala zakuda zija zitalowa pa bwalo ndiye Cedric Diggory, msaki wa Hufflepuff, anagwira. Pofika gemu yomaliza, ya Gryffindor ndi Slytherin, Slytherin inali patsogolo ndi mapointi 200 pa tebulo. Inu mumatsatira ligi mukudziwa kale mmene zimakhalira kumapeto kwa sizoni timu ikamauzidwa kuti kuwina kokha sikukwana, muwine ndi zigoli zakuti. Apa ndi chimodzimodzi, Gryffindor imayenera kuwina ndi kusiyana kopitirira 200. Kampirako kapereka 150, ndiye kwatsala 50, ndipo poti zigoli zimabwera 10 10 ndiye kuti omwetsa ayambe atsogola ndi 60 kenako Harry agwire. Kaputeni Oliver Wood anamubwerezera zimenezi mpaka Harry kukalipa kuti ndamva.

Taonani chomwe lamuloli lamuchita mwanayu. Harry ali ndi tsache lothamanga kuposa aliyense pa bwalopo, ndipo mphatso yake yonse ndi kuona kampirako msanga nkukagwira. Lero akuuzidwa kuti ukakaona usakagwire. Zili 30 kwa 0 anakaonadi kakunyezimira munsi mwa mikombero ya timu yake. Akanagwira bwenzi ili 180 kwa 0, gemu awina koma chikho chapita. Akanangokhala phee, Malfoy, msaki wa Slytherin, akanakaona nkugwira. Ndiye ananamizira kuti wakaona mbali inayo nkuthamangira konko kuti Malfoy amutsatire. Patsogolo zitafika 70 kwa 10, kusiyana 60 ndendende, chitseko chatseguka, Harry akuti atambasule dzanja Malfoy anagwira mchira wa tsache lake nkumukokera mbuyo. Penate yomwe a Gryffindor anapatsidwa anaiphonya, Slytherin nkumwetsa, 70 kwa 20, kusiyana kwabwerera pa 50 ndipo chitseko chatsekekanso. Pamenepa Harry anasiya kusaka nkukathandiza Angelina, womwetsa zigoli wa timu yake, anawulukira pakati pa a Slytherin omwe anamutchingira nkuwabalalitsa, Angelina anamwetsa 80 kwa 20, koma nthawi yomweyo Malfoy yemwe anasiyidwa yekha anali atakaona kale kampirako ndipo akutsetsereka. Harry anamupeza mwa mwayi wa tsache lija nkugwira. 230 kwa 20, kusiyana 210, chikho ndi chigoli chimodzi chokha.

Mu gemu imeneyi chigoli chilichonse cha 10 mtima umagunda, chifukwa ndi chimene chikutsegula kapena kutseka dzanja la Harry. Ndinawerengera mutu umenewu mwana wa mlongo wanga ku Luwinga tsiku lina magetsi atazima, ndimamasulira pang'onopang'ono, ndipo iye anatenga kope nkumalemba zigoli pambali kuti aziwerengera yekha ngati 60 yakwana. Mwana amene masamu sawakonda nkomwe.

Nanga chifukwa chani wolembayo anasankha kuti pasakhale wotchi komanso kuti mphamvu yotseka ikhale m'manja mwa munthu mmodzi? Taganizani kulemba mpira wa miyendo m'buku. Anthu 22, mphindi 90, ndipo munthu wanu wamkulu mwina wakhudza mpira kangapo kokha, owerenga atopa. Apa Harry amakhala m'mwamba pamwamba pa onse ndiye akutionetsa gemu yonse ndi maso ake, wolemba angaitalikitse kapena kuidula pomwe akufuna pongotulutsa kampirako, ndipo mathero nthawi zonse amadutsa m'manja mwa mwanayo. Komanso mdani aliyense wofuna kumupweteka akudziwa pomupeza, ali yekha m'mwamba pa kamtengo. Nchifukwa chake buku loyamba tsache lake linalodzedwa pa gemu, lachiwiri mpira wakuda unamulondola mpaka kumuthyola dzanja, lachitatu zilombo zija.

Palinso kalamulo kena komwe kanagona zaka zambiri. Gemu yake yoyamba Harry sanagwire ndi dzanja, kampirako kanamulowa mkamwa pang'ono kukameza, ana anu ayenera kuti anaseka pamenepo. M'buku lomaliza la 2007 timauzidwa kuti kampira kameneka kamakumbukira khungu la munthu woyamba kukakhudza, anakapanga choncho kuti pakakhala mkangano woti wagwira ndani pakhale umboni. Dumbledore anamusiyira Harry kampira komweko mu wilo, nduna yomwe inabweretsa wiloyo inakaika m'dzanja la Harry ikudikira kuti katseguke koma sikanachite kanthu, chifukwa khungu lomwe kamadziwa ndi la pakamwa. Atakagunditsa pa milomo ndi pomwe mawu anaoneka, ndipo mkati munali mwala uja woitanira akufa.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa. Gemu ikakhala yoti palibe chikukoka malamulo awiri aja, imakhaladi yopanda mchere, enawo amangodzaza bwalo tikudikira Harry. Njira yodziwira ndi kudzifunsa kuti nditachotsa zigoli zonse zomwe zamwetsedwa, mathero asintha? Gemu yachiwiri ya buku loyamba, ija Harry anagwira pasanathe mphindi zisanu, yankho ndi ayi. Ya 230 kwa 20 ija yankho ndi eya, kuchotsa chimodzi chokha cha Gryffindor chikho chapita. Ndipo ndikuona kuti wolembayo vutoli analiona, chifukwa m'buku lachisanu Harry ataletsedwa kusewera, Ginny, yemwe analowa m'malo mwake, anagwira kampirako koma Gryffindor inaluzabe kwa Hufflepuff 240 kwa 230 poti Ron pa golo amangolowetsa.

Anthu atayamba kuisewera pansi zenizeni, ku Middlebury College ku America mu 2005, tsache pakati pa miyendo, 150 ija sanaisunge. Kampirako anakatsitsa kufika pa mapointi 30, zigoli zitatu basi, ndipo ndi mpira wa tenesi woikidwa mu sokosi yolendewera kumbuyo kwa kabudula wa munthu wovala zachikasu yemwe sali mbali iliyonse. Mu 2022 anasinthanso dzina, pano amati quadball.

Ngati ana anuwo Chingerezi akuwerenga ndithu, apezereni buku lachitatulo, mutu wa fainolo uli chakumapeto. Muwauze nambala ziwiri zokha asanayambe, 200 ndi 150, ndipo muwasiye apeze okha kuti Harry ayenera kudikira mpaka zigoli zingati.