Lendi ya miyezi 6 pakamodzi: ndalamazo zikachoka m'manja mwanu

"Ndapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Chilomoni, K180,000 pamwezi. A landilodi akuti ndipereke lendi ya miyezi 6 pakamodzi, kuphatikizapo dipoziti ya mwezi umodzi. Ejenti akuti ndilipire pofika Lachisanu chifukwa pali ena akuifuna. Ndalama ndingazipeze ku banki mkhonde. Kodi ndilipire, kapena ndikudziika m'mavuto?" Atero mayi wina wokhala ku Ndirande.

Mayi, tiyeni tiyambe ndi kuwerengera. Miyezi 6 ndi K1,080,000. Mukaonjezera dipoziti zikwana K1,260,000, ndipo apa sitinaikepo za ejenti ndi galimoto yosamutsa katundu. Tsiku limene mudzalowe m'nyumbamo mudzakhala musanadye ngakhale mwezi umodzi wa ndalama zimenezi. Kunena zoona, mudzakhala mwawakongoza a landilodi, ngongole yopanda chiwongola dzanja komanso yopanda chikole, ndipo iwo adzakubwezani pang'onopang'ono pokusiyani mugone m'nyumba yawo. Pomwe inu ku banki mkhonde chiwongola dzanja chikukwera mwezi ndi mwezi.

Sindikunena kuti eninyumba onse ofuna zimenezi ndi akuba. Ambiri anapsapo ndi matenanti othawa usiku atasiya miyezi itatu yosalipira ndi bilu ya madzi. Ena akufuna ndalama yochuluka kuti amalize mpanda kapena alipire fizi. Ndipo pali ubwino wake umodzi: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera, koma amene anali atalipiratu ndipo anali ndi pepala, miyezi yawo yotsalayo anakhala pa mtengo wakale. Koma taonani mawuwo: anali ndi pepala.

Vuto lalikulu ndi lakuti ndalama yolipiriratu sikhala m'thumba mwa landilodi kudikira inu. Pakatha sabata imodzi yasanduka simenti ndi malata pa nyumba ina ku Machinjiri. Ndinaziona ndi maso anga pa mlamu wanga. Analipira miyezi 6, atakhala miyezi iwiri yokha kuntchito anamusamutsira ku Mzuzu. Tinapita tonse kukaonana ndi eni nyumba, bambo wachikulire wofatsa bwino. Anatilandira pakhonde, natiloza mulu wa njerwa kuseri, nati, "Ana anga, ndalama zanu ndi izo. Akalowa munthu wina ndidzakubwezerani." Nyumba inakhala yopanda munthu miyezi iwiri. Munthu wina atalowa, bambowo anati miyezi iwiri imene nyumba inakhala chabe nayo ndi ya mlamu wanga, poti sanapereke notisi. Panalibe chimene tinalemba chotsutsa zimenezo. Pa miyezi inayi yotsala anabwezedwa iwiri, ndipo zinabwera zodukizaduka mpaka chaka kutha. Zitakhala kwa inu, miyezi inayi ndi K720,000, ndipo mukanataya K360,000.

N'chifukwa chake chinthu choyamba chofunika kulemba si mtengo wa lendi, umenewo palibe amene amaiwala. Chofunika ndi ichi: mukatuluka nthawi isanathe, kaya mwafuna nokha kaya akutulutsani, ndalama yotsala idzabwezedwa zingati, ndipo pasanathe masiku angati. Lembani kuti aliyense azipereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo miyezi yotsala notisi ikatha idzabwezedwa pasanathe masiku 30, osadikira kuti walowa wina. Lembaninso kuti lendi sidzakwera m'kati mwa miyezi imene mwalipira, ndi tsiku lenileni loyambira ndi lothera. Dipoziti ilembedwe payokha. Dipoziti ndi ya zowonongeka, lendi yolipiriratu ndi ya kugona, ndipo zikasakanizidwa pa lisiti imodzi mudzamva kuti zonse zinapita ku penti. Landilodi akakana kusaina mawu onena za kubweza, wakuuziranitu zimene adzachite tsiku limenelo.

Tsopano za Lachisanu. Changu chotere chimandidetsa nkhawa kuposa kuchuluka kwa ndalamazo. Mu Blantyre muno nkhani za nyumba imodzi yolipiridwa ndi mabanja awiri kapena atatu si zachilendo: aliyense ali ndi lisiti, onse afika ndi katundu pageti tsiku limodzi, ejenti foni wathimitsa. Ndalama ya lendi musampatse ejenti. Iye mumpatse zake zokha, mutalandira makiyi. Eni nyumba muonane nawo maso ndi maso, muone chiphaso chawo cha unzika, ndipo dzina lili pamenepo lifanane ndi la pa akaunti kapena pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene mukutumizako. Kenako mubwererenso kumaloko nokha, opanda ejenti, mukafunse oyandikana nawo ndi mayi wogulitsa tomato panjira kuti nyumbayi ndi ya ndani, ndipo amene anatulukamo anachoka chifukwa chiyani. Iwowa ndi amene angakuuzeni ngati ili nyumba ya masiye imene abale akulimbirana, kapena ngati kunabwerapo anthu odzaiona kuti aigule. Nyumba ikagulitsidwa kapena ikalandidwa chifukwa cha ngongole, mwini watsopano ndalama zanu sanazione, ndipo mudzayamba kuthamangitsa munthu amene alibenso kanthu. Chimodzimodzi nyumba za Malawi Housing Corporation, monga za ku Chitawira ndi ku Nkolokosa: wokubwereketsani akhoza kukhala tenanti chabe wopanda chilolezo choika munthu wina.

Pali china chimene anthu sachiganizira mpaka mvula itayamba. Wolipira mwezi ndi mwezi ali ndi mawu. Denga likadontha amati, "Bambo, mukonze kaye, kapena ndikonze ndekha ndichotse pa lendi." Inu mukalipiratu, mphamvu imeneyo mwaipereka yonse tsiku loyamba, ndipo mudzangomva kuti mmisiri abwera mawa. Choncho zokonza zonse zichitike musanalipire. Yang'anani siling'i ngati ili ndi mabala a madzi, tsegulani mipope, gejemulani chimbudzi. Pemphani bilu yomaliza ya Blantyre Water Board ndipo mujambule manambala a pa mita. Ku magetsi, gulani mayunitsi a ndalama yochepa pa nambala ya mita imeneyo. Lisiti yake idzaonetsa ngati pali ngongole yakale imene ikudulidwa. Funsaninso ngati mita mukugawana ndi a nyumba ya kuseri.

Zikasokonekera, mutha kukasuma ku khoti la majisitireti, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza osatha kulipira loya. Koma kumeneko adzakufunsani pepala, lisiti ndi mboni, ndipo mlandu ukuyenda inu mudzakhala mukufunafuna ndalama ina ya nyumba ina.

Ine ndikanakhala inu, sindikanatenga ngongole ya miyezi 6 yonse. Ndikanapita kwa a landilodi ndi miyezi itatu, K540,000, kuphatikiza dipoziti, zonse K720,000, n'kuwapempha kuti itatu inayo ndidzapereke mwezi wachitatu ukamatha. Eninyumba ambiri amavomera akaona ndalama ili pamaso pawo, chifukwa nawonso amadziwa kuti fodya ndi uyu ali pamphuno. Akaumirira pa 6, apempheni atsitse mtengo, mwina K170,000, popeza mukuwakongoza. Pepalalo likhale makope awiri, musaine nonse pamodzi ndi mboni mbali iliyonse, ndipo ndalama muzitumize muli chilili m'nyumbamo, ili yopanda katundu wa munthu wina, makiyi ali m'manja mwanu.