Uthenga wa ahedi wa masiku otsegulira ndi fizi: muuwerenge bwanji, mulipire liti

"Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2 pa sekondale yapulaiveti yogonera komweko. Ahedi atumiza uthenga kwa makolo kuti teremu yachiwiri itsegulira Lolemba pa 5 Januwale ndi kutsekera Lachisanu pa 27 Malichi. Fizi ndi K450,000, ndipo palinso K30,000 ya chitukuko ndi zachipatala yomwe aiwerengera padera. Akuti 60 peresenti ilipiridwe potsegulira, yotsalayo isanadutse 13 Febuluwale. Ndili ndi K270,000, malipiro anga amabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo teremu yatha ndinatsala ndi ngongole ya K40,000. Kodi mwanayu akamulandira?" — Mayi wa ku Kasungu

Mayi, ndi ndalama imene muli nayo panopa mwanayo akhoza kubwezedwa pageti, ndipo chimene chingamubwezetse ndi K40,000 ya teremu yathayo. M'mabuku a abasala mwana aliyense ali ndi tsamba lake limodzi la chaka chonse, ndipo ndalama ikalowa imayamba yatseka dzenje lakale. Mukapereka K270,000, pepala limene adzakhale nalo oona ana pageti lidzaonetsa kuti teremu ino mwalipira K230,000 yokha. Inu mudzakhala ndi silipi ya kubanki yolembedwa K270,000, iwo adzakhala ndi K230,000, ndipo nonse mudzakhala mukunena zoona.

Ngakhale pakanapanda ngongoleyo, mawu akuti "60 peresenti" ali ndi matanthauzo atatu, ndipo uthenga wa ahedi sunanene lomwe akutanthauza. Ngati akuwerengera pa fizi yokha ya K450,000, mukufunika K270,000. Ngati akuwerengera pa zonse pamodzi, K480,000, mukufunika K288,000. Koma sukulu zambiri zimafuna ndalama zing'onozing'ono ngati ya chitukuko ndi ya chipatala zilipiridwe zonse potsegulira, chifukwa zimapita ku thumba lina, mwinanso ku akaunti ina. Zikatero mukufunika K300,000. Onjezanipo ngongole ija, ndiye kuti pageti angafune K310,000, K328,000 kapena K340,000. Kusiyana kumeneku si kochepa kwa munthu wodikira malipiro. Choncho imbani foni ku ofesi ya abasala, osati kwa mphunzitsi wa kalasi, ndipo funsani funso limodzi lolunjika: "Pa dzina la mwana wanga, ndi ndalama zingati zenizeni zimene ziyenera kukhala zitalowa kuti alowe m'hostelo?" Apempheni akutumizireni yankholo polemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni.

Tsopano za masiku. Tsiku la 5 Januwale ndi loyamba kuphunzira. Pa sukulu yogonera komweko ana nthawi zambiri amafika dzulo lake, Lamulungu pa 4, ndipo masilipi amaonedwa tsiku lofikalo asanapatsidwe bedi. Lamulungu banki siyitsegula. Lachinayi pa 1 Januwale ndi tchuthi. Ndiye tsiku lathunthu lomaliza loti mulipire pa kauntala ndi Lachisanu pa 2, tsiku limene makolo onse a m'tauni adzakhale pamzere womwewo. Nthambi zina zimatsegula Loweruka m'mawa, koma musadalire zimenezo. Ngati mukutumiza kuchokera ku banki ina yosiyana ndi ya sukulu, ndalama ikhoza kuchoka kwa inu lero n'kukaoneka kwa iwo tsiku lina logwira ntchito. Tsiku lanu lenileni lolipira likhale Lachiwiri pa 30 kapena Lachitatu pa 31 Disembala, ndipo likugwirizana bwino ndi malipiro anu a Disembala ngati simunawathere pa Khirisimasi.

Tsiku la 13 Febuluwale ndi limene limapusitsa makolo ambiri a pantchito. Munthu amaona "Febuluwale" n'kuganiza kuti ali ndi malipiro a miyezi iwiri. Ayi ndithu. Pakati pa 5 Januwale ndi 13 Febuluwale pali malipiro amodzi okha, a kumapeto kwa Januwale. A Febuluwale adzabwera patatha sabata ziwiri tsikulo litadutsa. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Zonse zimene sukulu ikufuna kwa inu ndi K480,000 ya teremu ino ndi K40,000 yakale, pamodzi K520,000. Mukapereka K270,000 mutsala ndi K250,000, ndipo yonseyo ikuyenera kutuluka m'malipiro a Januwale, mwezi umene chimanga chili pamtengo wokwera, feteleza wobereketsa akufunika kumunda, ndiponso lendi sidikira. Ngati malipiro anu sangathe kunyamula zimenezo, mukudziwa kale lero, ndipo nthawi yokambirana ndi sukulu ndi ino, sukulu isanatsegule.

Ahedi amamva msanga kholo lobwera tsiku lisanakwane kusiyana ndi lobwera mwana atabwezedwa kale. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Sukulu yogonera komweko imagula chimanga, nyemba, nkhuni ndi magetsi ndi ndalama ya potsegulira ija, ndipo ya pakati pa teremu imalipira aphunzitsi ndi ogulitsa katundu amene anapereka pa ngongole. Chimene ahedi akufuna kudziwa ndi tsiku limene ndalama idzalowe. Kholo longonena kuti "ndiyesetsa" silinawapatse chilichonse choti akauze mwini sukulu kapena komiti.

Lembani kalata yaifupi yopita kwa mphunzitsi wamkulu. Muikemo dzina lonse la mwana monga lilili m'kaundula wa sukulu, kalasi yake, ndi nambala yake ngati ali nayo. Vomerezani ngongole yonse ndi chiwerengero chake, K520,000, kuti aone kuti simukubisa yakale ija. Kenako ikani masiku ndi ndalama zake, mwachitsanzo K270,000 pa 31 Disembala, K130,000 pa 30 Januwale, ndi K120,000 pa 27 Febuluwale. Mukatero mukupempha zinthu ziwiri zokha: kuti mwana alandiridwe ndi ndalama yoperewera pang'ono, ndi kuti gawo lomaliza lichedwe ndi sabata ziwiri, komabe lidzalowa kutatsala mwezi wathunthu sukulu isanatseke. Musalonjeze ndalama imene simungakwanitse pofuna kuti kalata ioneke bwino, chifukwa mukaphonya tsiku limodzi lokha, pangano lonse lafa ndipo teremu yamawa sadzakumveraninso. Musalembenso kuti mudzalipira mukagulitsa mbewu. Misika ya fodya imayamba cha mu Epulo, mtedza ndi soya zimabwera pambuyo pake, ndipo imeneyo ndi ndalama ya teremu yachitatu.

Akavomera, ahedi asainire pakalatapo ndi kudindapo chidindo cha sukulu. Pangani mafotokope awiri, imodzi ipite kwa abasala, ina mwana anyamule pa 4 Januwale, kalata yeniyeniyo musunge nokha. Chilolezo chapakamwa chimathera mu ofesi momwemo. Tsiku lobweza ana a ngongole, amene amawerenga maina ndi abasala kapena achiwiri kwa ahedi, ndipo amawerenga zimene zili papepala lawo.

Akakana, funsani ngati angalole kuti ngongole yakale ikhale payokha n'kulowa m'gawo lachiwiri, kuti K270,000 yanu iwerengedwe yonse ngati ya teremu ino. Ambiri savuta pa chimenechi, chifukwa sichichotsa tambala pa zimene mulipire. Zikakanika zonsezi, ndi bwino kufunafuna K40,000 mpaka K70,000 yoperewerayo kwa abale kapena ku banki mkhonde kusiyana ndi kusunga mwana pakhomo mpaka malipiro a Januwale. Pofika nthawi imeneyo adzakhala atataya pafupifupi sabata zinayi mwa sabata khumi ndi ziwiri za teremu, m'chaka chimene akulemba mayeso a JCE, ndipo fizi sadzakuchotserani chifukwa choti wabwera mochedwa.

Polipira, silipi ya kubanki ikhale ndi dzina la mwana ndi kalasi yake pamalo olemba chifukwa cholipirira. Vuto lofala kwambiri m'maofesi a abasala ndi ndalama yolowa ndi dzina la amalume kapena la ejenti, yosadziwika kuti ndi ya mwana uti. Imakhala m'akaunti ya sukulu pamene mwanayo akuwerengedwa kuti sanalipire. Onaninso nambala ya akaunti pa silipi musanachoke pa kauntala, ijambuleni ndi foni, ndipo mwana akafika akaisinthanitse ndi lisiti ya sukulu. Silipi imasonyeza kuti banki yalandira ndalama, pamene lisiti imasonyeza kuti sukulu yailemba pa dzina la mwana wanu, ndipo pakabuka mkangano ndi lisitiyo imene imathetsa nkhani. Ngati sukulu imalola Airtel Money kapena TNM Mpamba, lipirani pa nambala ya bizinesi imene imatulutsa dzina la sukulu musanatsimikize, muike ndalama yapadera ya mtengo wotumizira kuti fizi isafike yoperewera, ndipo uthenga wotsimikiza musaufufute.

Pali chinanso choyenera kusamala nacho masiku otsegulira. Uthenga wa ahedi umayenda m'mafoni ambiri, ndipo akuba amaukopera n'kusintha nambala yokha. Mukaona uthenga wonena kuti akaunti ya sukulu yasintha, kapena kuti mutumize pa nambala ya munthu chifukwa "netiweki ya banki yavuta," kapena kuti olipira lero lomwe achotseredwa, imani kaye. Yerekezani nambalayo ndi imene ili pa silipi yanu ya teremu yatha, ndipo imbirani sukulu pa nambala imene mumaidziwa kale, osati imene ili mu uthengawo.

Popeza mwana ali Fomu 2, funsaninso ngati kulembetsa mayeso ku MANEB kunatheka ndi ngati ndalama yake inalipiridwa. Imeneyi siili mkati mwa K450,000 pokhapokha atalemba choncho, ndipo tsiku lake lotsekera amaika ndi a MANEB. Ahedi angakupatseni sabata ziwiri pa fizi ya sukulu yawo, koma pa tsiku la MANEB alibe mphamvu. Mwanayo aonenso kuti dzina lake ndi tsiku lobadwa zalembedwa molondola pa ndandanda ya olemba mayeso.

Mu uthenga umene mwatiuzawu mulibe zinthu ziwiri zofunika pa bajeti yanu. Choyamba ndi tchuthi cha pakati pa teremu. Sukulu zambiri zimaika tsiku lomaliza kulipira pafupi ndi tchuthichi n'cholinga choti mwana wa ngongole akapita kwawo asabwerere chimanjamanja, ndiye funsani ngati ana adzapita kunyumba pa 13 Febuluwale, chifukwa zikatero pakufunika thiransipoti ya ulendo wopita ndi wobwera kuwonjezera pa ya potsegulira ndi potsekera. Maholide a pa 15 Januwale ndi pa 3 Malichi ndi a tsiku limodzi, ana amakhala pasukulu pomwepo, kungoti banki imakhala yotseka. Chachiwiri ndi tsiku lotsegulira teremu yachitatu. Tchuthi cha pakati pa teremu yachiwiri ndi yachitatu chimakhala chachifupi, cha sabata zochepa, choncho 60 peresenti ina idzafunika mu Epulo ndipo idzatuluka m'malipiro a Malichi. Pamene mukusainirana kalata ija ndi ahedi, afunseni tsikulo komanso ngati fizi ikhala yomweyi teremu yamawa.