Makwinya a siketi akuunjikana mbali imodzi

"Ndikamakoka ulusi kuti ndikwinye nsalu ya siketi umaduka, ndipo makwinya amaunjikana mbali imodzi ya lamba. Nditani?"

Achemwali, gawani nsaluyo panayi musanakoke ulusi! Telala wina wa kuno ku Ulongwe anandiliza nazo zimenezi. Ndinamupatsa nsalu ya kapulana kuti andisokere siketi yoti ndikavale pa ukwati wa mng'ono wanga, iye anangosoka mzere umodzi, pokoka ulusi unaduka pakati, ndiye m'malo momasula anangopinda nsalu yotsalayo ndi zala n'kuipondereza ndi makina. M'mawa wa ukwatiwo ndikuvala, kumimba kuli thyathyathya, makwinya onse ali mulu pa thako lakumanzere, zipi yapotokera kumbali, galimoto yopita ku Domwe ikuliza hutala panja. Ndinachita kumanga chitenje pamwamba tsiku lonse. Nditapita kukadandaula akuti, "Ndi thupi lanu mayi." Thupi langa! Ndalama osabweza.

Tinene kuti chiuno ndi masentimita 80, nsalu ndi 180. Ikani zizindikiro za choko pa nsalu, 45 aliwonse. Pa lamba ikani pa 20 aliwonse, osawerengera posokera ndi kansonga ka batani.

Talikitsani msoko wa makina ufike mamilimita 4 kapena 5, ulusi wa pamwamba muumasuleko pang'ono. Sokani mizere iwiri, nsalu yoyang'ana kumaso kwake m'mwamba, wina sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, wina masentimita awiri. Osabwereza msoko poyamba kapena pomaliza, ingosiyani michira ya ulusi yotalika ngati chikhatho. Nsalu yowuma ngati kapulana yatsopano muichape kaye, ndipo mizereyo muziidula pa msoko wa m'mbali, chifukwa pokhuthalapo ndi pamene ulusi umadukira.

Lumikizani zizindikiro za nsalu ndi za lamba ndi mapini. Tsopano kokani ulusi wa pa bobini, wa mizere yonse iwiri pamodzi, wa pamwamba musaukhudze, mukakoka mbali zonse msoko umamangika. Muzikankha nsalu pang'onopang'ono mpaka 45 uja akwane pa 20, kenaka zengerezani ulusiwo pa pini ngati nambala 8 kuti usabwerere. Salazani makwinya ndi chikhadabo. Mukaona malo osalala pakati pa mapini awiri, simunathe.

Bwezerani msoko pa mamilimita 2.5, ulusi wa pamwamba muumangenso. Sokani makwinya ali m'mwamba kuti muziwaona, pa sentimita imodzi ndi theka, pakati penipeni pa mizere ija. Mukatero amaima chilili, sagonerana. Mzere wam'munsi uja uoneka kunja, muusolole mukamaliza.

Koma ngati makina anu ndi opalasa aja ndipo akukana msoko wautali, musalimbane nawo. Mzere umodzi wa pamanja ndi ulusi wophatikiza pawiri umagwira ndithu, agogo anga ankatero. Apo ayi pitani nayo kwa telala, koma mukhale pomwepo mpaka alumikize lamba.