Kusonkherana galimoto ndi alamu: zoti mumvane ndalama zisanapite ku Japan

"Akuluakulu, ine ndi alamu anga tikufuna kusonkherana ndalama tiitanitse Probox kapena Vanette ku Japan yotengera katundu. Ine ndimapita ku Kyela, iwo amapita ku Chipata. Kodi tigwirizane bwanji kuti tisadzayambane?"

Achimwene, poyamba penipeni ndi pa dzina. Galimoto ya anthu awiri kwa boma ndi ya munthu amene dzina lake lili pa bulubuku, ndipo dzinalo limayamba kulowa galimoto isanakwere n'komwe sitima. Amene walembedwa pa invoisi ya ku Japan ndi pa pepala la sitima ndi amene ejenti amamukiliyira galimoto pa doko la Dar es Salaam, ndi amene a MRA amamulembera msonkho ikalowa pa Songwe, ndipo ndi amene mapepala ake amakafika ku Road Traffic. Kusintha dzina pakati pa ulendo kumadya ndalama ndi masiku, galimoto ili chikhalire pa doko kuwerengetsa lendi ya malo. Ndiye musamati "tikaona ikafika". Sankhani lero.

Amene dzina lake silili pa bulubuku chomuteteza ndi pepala la mgwirizano lokha. Lembani pepala limodzi kapena awiri, m'Chichewa momwe muno ngati ndi mmene mumamvanirana bwino, muikepo nambala ya chesesi ndi ya injini, ndalama imene aliyense wapereka ndi tsiku lake, ndi mawu akuti galimotoyi singagulitsidwe kapena kuperekedwa ngati chikole popanda onse awiri kusayina. Mukasayinire pamaso pa loya wolumbiritsa kuti adindepo, mboni zikhale ziwiri, imodzi ya mbali iliyonse. Popeza ndi chilamu, mlongo wanu amene ali pakati panupo asakhale mboni yokhayo, chifukwa tsiku la mkangano mudzamuika pa moto. Ine ndimakonda kuti amene dzina lake silinalembedwe ndiye azisunga bulubuku yeniyeniyo kunyumba, winayo aziitenga pokhapokha pa ulendo wa kunja. Obwereketsa ndalama za katapila amafuna bulubuku m'manja, choncho ikakhala kwa mnzake, munthu sangakaipinyolitse mwamseri.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa: magawo musawerengere pa mtengo umene mwauona pa intaneti. Muwerengere pa ndalama yonse kufikira tsiku limene galimoto yayenda mumsewu wa Lilongwe ili ndi nambala, COF ndi inshuwalansi. Pamwamba pa mtengo wa ku Japan ndi wa sitima pali za pa doko, ejenti, dalaivala ndi mafuta kuchokera ku Dar, msonkho wa MRA, chikalata cha apolisi, kulembetsa, ndiponso sevisi yoyamba ndi matayala, poti zambiri zimabwera ndi matayala okalamba.

Tiyerekeze ndi manambala ozungulira, inu mudzaikepo anu. Mwapangana kuti zonse zikwana K30 miliyoni. Inu mwatumiza K18 miliyoni yogulira ndi kukweza sitima, alamu akuti alipira K12 miliyoni ya msonkho ndi zina zonse za kuno. Magawo ndiye kuti inu 60 pa 100, iwo 40. Galimoto yafika pa Songwe, ndipo mbali ya alamu yakwera kufika K15 miliyoni, chifukwa a MRA sakakamizika kutsata mtengo wa pa invoisi yanu akauona kuti ndi wotsika, komanso msonkho umayendera kukula kwa injini, zaka za galimoto ndi mtengo wa dola wa nthawi imeneyo. K3 miliyoni yowonjezerayo apereke ndani? Njira zilipo ziwiri, ndipo zonse ndi zachilungamo bola mwasankhiratu. Mukhoza kuigawana monga mwa magawo, inu K1.8 miliyoni, alamu K1.2 miliyoni, 60 ndi 40 ija ikhala chomwecho. Kapena alamu apereka yonse, koma magawo asintha: inu 18 pa 33, kumene kuli pafupifupi 55 pa 100, iwo 15 pa 33, pafupifupi 45. Chimene chimaphwanya ubale ndi chakuti wina wapereka yonse ali pa boda dzuwa likumuwotcha, kenako pogulitsa akuuzidwa kuti gawo lake likadali 40.

Pambali pa ndalama iliyonse ya kwacha lembani tsiku ndi mmene inalili m'madola. Galimoto imatenga milungu ingapo, nthawi zina miyezi iwiri kapena kuposa, kuti ifike, ndipo kwacha siidikira munthu. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 pa 100, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 ku banki. K1 miliyoni yoperekedwa mu Okutobala chaka chimenecho inali madola pafupifupi 850, pamene yoperekedwa mu Disembala inali yosakwana madola 600. Pa pepala zonse zikuoneka K1 miliyoni, koma amene anapereka poyamba anaikamo zochuluka.

Tsopano kayendetsedwe. Umwini ndi kugwiritsa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo inuyo makamaka musaziphatikize, chifukwa maulendo anu sali ofanana ngakhale pang'ono. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Chipata kudzera pa Mchinji ndi kubwerako ndi makilomita pafupifupi 300. Kupita ku Songwe, pa boda lolowera ku Kyela, ndi kubwerako ndi oposa 1,200, kuphatikizapo chitunda cha Chiweta chimene chimadya mabuleki potsika ndi kutenthetsa injini pokwera muli ndi katundu. Ulendo wanu umodzi ukutha galimoto ngati maulendo anayi a alamu. Mukamagawana mtengo wa matayala pakati ndi pakati, alamu akulipirira bizinesi yanu, ndipo sapita miyezi itatu asanazindikire.

Zolipira zimene zimabwera ngakhale galimoto itangokhala pa bwalo, monga inshuwalansi ndi COF, gawanani monga mwa magawo a umwini. Zimene zimabwera chifukwa choyenda, alipire woyendayo. Mafuta ndi osavuta: watenga thanki ili yodzaza, ubweze yodzaza. Ma tologeti, ziphaso za pa boda ndi chindapusa cha apolisi ndi za mwini ulendo. Zotsalazo, zimene zimatha pang'onopang'ono osaoneka, muziikire mtengo pa kilomita. Kawerengedwe kake ndi aka: ngati sevisi ya oilo ndi mafyuluta ndi K150,000 pa makilomita 5,000 alionse, ndiye K30 pa kilomita. Ngati matayala anayi ndi K480,000 ndipo mukuyembekeza kuti ayenda makilomita 40,000, ndiye K12. Onjezanipo za mabuleki, mashoko, mabushi ndi batire, komanso kosungira tsiku limene giyabokosi idzakane, mufike mwina pa K100. Ulendo wa ku Chipata ndiye kuti alamu aponya K30,000 m'thumba la galimoto, wa ku Songwe inu muponya K120,000. Ndalamayi ilowe mu akaunti yakeyake yofuna onse awiri kusayina, osati mu Airtel Money kapena Mpamba ya mmodzi wa inu, kumene idzasakanikirana ndi ya ndiwo. Popatsana makiyi jambulani makilomita a pa dashibodi ndi muvi wa mafuta, mutumizirane pa foni. Mtengo wa pa kilomitawo muziuonanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse poyerekeza ndi mitengo ya masipeya ku Biwi ndi ku Malangalanga.

Mugwirizanenso za kulemera kwa katundu. Probox inapangidwira makilogalamu 400 okha basi, amene ndi matumba asanu ndi atatu a makilogalamu 50. Wina akamaikamo khumi ndi asanu, masipuling'i a kumbuyo amagona, matayala akumbuyo amadyeka msanga ndi kutupa m'mbali, ndipo makilomita a pa dashibodi saonetsa zimenezo. Makaniko akhale mmodzi amene nonse mwamuvomereza, ndipo akanena kuti chathyoka chifukwa cholemetsa, alipire wolemetsayo, osati thumba.

Za pa boda zili ndi msampha wakewake. Woyendetsa amene dzina lake silili pa bulubuku amafunika kalata yodindidwa yochokera kwa mwini wake yomulola kutulutsa galimoto m'dziko, pamwamba pa chikalata cha apolisi ndi TIP, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, imene amapatsidwa polowa dziko linalo. Ngati amene akudutsa boda kawirikawiri ndi alamu, mwina dzina likhale lawo kuti musamathamangire kwa loya sabata ndi sabata. Yelo khadi ya COMESA imagwira ku Zambia ndi ku Tanzania, koma mukaganiza zolowera ku Mozambique pa Dedza mudzagula inshuwalansi ya komweko. Choopsa kwambiri n'chakuti galimoto ikagwidwa ndi katundu wozembetsa, a MRA ali ndi mphamvu yogwira galimotoyo pamodzi ndi katunduyo, ndipo safunsa kuti winayo gawo lake ndi lotani. Lembani kuti amene ulendo wake wagwiritsa galimoto ndi amene adzaiwombole, ndipo adzalipire mnzake ndalama yakutiyakuti pa tsiku lililonse limene yakhala m'manja mwa boma.

Inshuwalansi ya thedipate, imene lamulo limafuna, imalipira amene mwamuwomba, osati galimoto yanu. Pa galimoto yosonkherana ine sindingavomere china koma ya kompirehensivu, chifukwa ikagubuduka ndi mmodzi, winayo ndalama zake adzazipeza kuti? Muwauze a inshuwalansi zoona, kuti ndi ya malonda, imatuluka kunja ndipo oyendetsa ndi awiri, apo ayi tsiku la ngozi adzapeza pokanira. Kandalama koyamba kamene amati mwini alipire yekha pa ngozi iliyonse, alipire amene anali pa chiwongolero. Ndipo popeza cheke chidzatuluka m'dzina la munthu mmodzi, pepala lanu linene kuti chidzagawidwa 60 ndi 40, kapena 55 ndi 45, pasanathe masiku akutiakuti.

Potsiriza mulembe mmene mudzasiyanirane, chifukwa tsikulo limafika: wina akufuna fizi, wina akufuna lole. Wofuna kutuluka apereke chidziwitso cha masiku 60, ndipo mnzake akhale woyamba kupatsidwa mwayi wogula. Pa mtengo, njira imene imathetsa mkangano msanga ndi iyi: wotulukayo atchule mtengo wa galimoto yonse, ndipo winayo asankhe kugula gawo la mnzake kapena kugulitsa lake pa mtengo womwewo. Akatchula K24 miliyoni pa magawo a 60 ndi 40, alamu angakupatseni K14.4 miliyoni n'kutenga galimoto, kapena inu muwapatse K9.6 miliyoni. Munthu satchula mtengo wabodza akadziwa kuti ukhoza kumutembenukira. Zotsala m'thumba la galimoto zigawidwe tsiku lomwelo.

Imfa nayo ilembedwe, ngakhale ife sitikonda kuitchula munthu ali moyo. Wa pa bulubuku akamwalira, galimoto imawerengedwa pa chuma cha masiye motsata lamulo la 2011, ndipo akubanja adzaona dzina limodzi lokha. Pepala lodindidwa lija, malisiti a ku banki ndi kope imene mwasungitsa kwa mboni ya mbali iliyonse ndi zimene zidzaonetse kuti gawo la malemu lokha ndi limene lipite kwa mkazi ndi ana, ndipo wotsalayo apatsidwe miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kuti aligule.