Gemu ikamagwiragwira madzulo: nyenyezi za mu tracert si umboni

"Achimwene, ndimasewera gemu yowomberana pa intaneti, pa kompyuta ya Windows yolumikizidwa pa wayifayi. Masana gemu imaonetsa 60 ms, koma madzulo imalumpha mpaka 300, ndipo munthu wanga amathamanga kenako n'kubwerera pomwe anali. Ndinachita `tracert` masanawa, mzere wachisanu ukuonetsa 180 ms ndi nyenyezi ziwiri, pomwe womaliza ukuonetsa 62 ms. Ndiwaimbire a kampani ya intaneti kuti makina awo awonongeka?"

Musawaimbire kaye, achimwene. Mzere wachisanuwo mwaupeza wolakwa musanaumve mbali yake, ndipo mboni yoikira kumbuyo ili pa sikirini yanu yomweyo, mzere womaliza uja.

Onani mmene `tracert` imagwirira ntchito. Paketi iliyonse yopita pa intaneti imanyamula nambala yotchedwa TTL, ndipo rauta iliyonse ya panjira imachotsapo 1. Nambalayo ikafika pa 0, rautayo imataya paketiyo n'kubweza uthenga wonena kuti nthawi yatha. Ndiye `tracert` imachita dala: imatumiza mapaketi atatu okhala ndi TTL ya 1 kuti rauta yoyamba idziulule, kenako atatu a TTL ya 2, mpaka ifike kumene mukupita. N'chifukwa chake mzere uliwonse uli ndi manambala atatu. Nyenyezi ikutanthauza kuti yankho limodzi silinabwere, basi.

Tsono rauta zikuluzikulu za panjira zinapangidwa kuti zizidutsitsa mapaketi a anthu mwamsanga, ndipo ntchito imeneyi imachitika mu zida zapadera. Kulemba uthenga woyankha `tracert` ndi ntchito ya pambali, imene rauta imaiika kumapeto, ndipo eni ake nthawi zambiri amaika malire a mauthenga otere pa sekondi. Rauta ingathe kuchedwa kukuyankhani, kapena osayankha n'komwe, uku mapaketi a gemu yanu ikuwadutsitsa bwinobwino. Ganizirani: paketi yofika pa mzere womaliza inadutsa pa rauta yachisanu ija, n'kupitirira, n'kubwerako, zonse mu 62 ms. Rautayo ikanakhala kuti ikuchedwetsadi zinthu ndi 180 ms, palibe mzere wa pansi pake ukanaonetsa nambala yochepera pamenepo. Lamulo lowerengera ndi limeneli: kuchedwa kapena kutayika kwa mapaketi n'kwenikweni ngati kwayambira pa mzere wina n'kupitirira mpaka pa mzere womaliza. Kukaonekera pakati n'kuzimiririka, kusiyeni.

Vuto linanso ndi loti munayeza masana, gemu ili bwino. Muyenera kuyeza pa nthawi yomwe zikuvutayo, ndipo muyambire m'nyumba mwanu.

Tsegulani Command Prompt, lembani `ipconfig`, muone adiresi yomwe ili pa mzere wa Default Gateway. Imeneyo ndiyo rauta yanu, kawirikawiri 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Kenako tsegulani mawindo awiri, muwaike moyandikana, lililonse ndi lamulo lake, loyamba la adiresi ya rauta yanu ija, lachiwiri la 1.1.1.1, yomwe ndi seva ya kunja pa intaneti:

```
ping -n 200 192.168.1.1
ping -n 200 1.1.1.1
```

Musasiye `-n 200`. Popanda iyo Windows imatumiza mapaketi anayi okha, ndipo anayi sangakuuzeni kanthu pa vuto lobwera mwa apo ndi apo. Mapaketi 200 amatenga mphindi zitatu ndi kachidutswa, chifukwa imapita imodzi pa sekondi. Pa Linux kapena Mac ndi `-c 200`. Ikatha, imakupatsani chidule chonga ichi:

```
Packets: Sent = 200, Received = 196, Lost = 4 (2% loss),
Minimum = 1ms, Maximum = 240ms, Average = 9ms
```

Anthu ambiri maso amathamangira pa Average. Ine ndimayang'ana Maximum ndi Lost. Gemu imene yakhazikika pa 90 ms imaseweka, zala zimazolowera. Chimene chimapha ndi kusinthasintha, pano 40 pano 250, komanso mapaketi otayika, pakuti magemu ambiri othamanga amagwiritsa ntchito njira yotumizira mapaketi yotchedwa UDP, imene payokha siitumizanso paketi yotayika. Seva ikaphonya mayendedwe anu, imakubwezerani pomwe inakuonani komaliza. Kubwerera m'mbuyo mukunenako n'kumeneko. Mapaketi 2 pa 100 alionse akamatayika, mu gemu yowomberana mumamva ndithu.

Windo loyamba ndi la msewu waufupi, kuchoka pa kompyuta kufika pa rauta. Pa kebulo liyenera kuonetsa 1 ms kapena kuchepera, osataya paketi ngakhale imodzi. Pa wayifayi yabwino, manambala ochepa, osaposa 10 kawirikawiri. Ngati windo ili likulumpha ngati chidule cha pamwambacho, a kampani ya intaneti alibe mlandu, chifukwa mapaketiwo sanatuluke n'komwe pakhomo. Wayifayi imagawana mpweya ndi ma rauta a anansi, makamaka pa 2.4 GHz, ndipo madzulo aliyense ali pakhomo, onse akulimbirana mpata womwewo. Bwerekani kebulo ya netiweki, mulumikize kompyuta mwachindunji ku rauta, muyezenso. Zikakhazikika, mwapeza. Ngati kebulo singafike kuchipinda kwanu, samukirani pa 5 GHz ndipo rauta isabisike kuseri kwa makoma.

Koma pali mlandu wina umene ndimaukayikira kwambiri pa inu, chifukwa 60 kulumpha kufika 300 ndi kaonekedwe kake ndithu. Unandichitikira ineyo. Ndinali pa kebulo, windo la rauta likuonetsa 1 ms mzere uliwonse, osasuntha. Windo lachiwiri linali pa 18 ms, 19, 18, kenako mwadzidzidzi 140, 230, 270, n'kukhala pamenepo mphindi zingapo, n'kutsikanso lokha. Masiku awiri ndinali kutukwana kampani mumtima. Tsiku lachitatu ndinangoona kuti manambala akwera mng'ono wanga atangolowa n'kuika foni pa chaja. Foniyo inali yoti ikapeza wayifayi ndi moto, iyambe kutumiza mavidiyo a tsikulo kokasungira pa intaneti. Ndinamuuza azimitse wayifayi pa foniyo, ndipo mzere wotsatira unaonetsa 19 ms. Anayatsanso, 260. Tinachita katatu, mpaka iye anaseka.

Chimachitika n'chakuti njira yotumizira zinthu kunja imakhala yopapatiza kuposa yolandirira. Yanga inali 2 Mbps. Foni ikaidzaza, rauta kapena modemu imaunjika mapaketi pa mzere kudikira mpata, ndipo kapaketi ka gemu kamakaima kumbuyo kwa mavidiyo. Werengani nokha: mzere wa 64 KB ndi makilobiti 512, ndipo kuti adutse pa 2 Mbps pafunika pafupifupi 256 ms. Onjezani 18 ija, mwafika pa 270 yomwe ndinkaona. Akatswiri amati bafabuloti. Chizindikiro chake ndi chimenechi: rauta ikuyankha bwino, kunja kukuchedwa, ndipo kuchedwako kukutsatira zochita za anthu a m'nyumba. Mungayese dala: siyani `ping -t 1.1.1.1` ikuyenda, muyambe kutumiza failo yaikulu, muone ngati manambala akwera. Imitsani ndi Ctrl+C. Mankhwala ake ndi kuyatsa SQM, njira yowongolera mzere wa mapaketi, mu rauta ngati ili nayo, n'kuika malire pafupifupi 85 kapena 90 pa 100 a liwiro lenileni la intaneti yanu, kuti mzere uzipangika pamalo pomwe rauta ingathe kuuwongolera. Ngati ilibe, ikani malire a kutumiza pa zida zomwe zimadya kwambiri, kapena musinthe nthawi yomwe mafoni amasunga zithunzi.

Tiyerekeze kuti muli pa kebulo, mwachotsa zida zina zonse, koma windo lachiwiri likukwerabe madzulo alionse. Apa ndiye `tracert` yafika pa ntchito yake. Choyamba pezani adiresi ya seva ya gemu. Gemu ili mkati, tsegulani `resmon`, pitani pa Network, chongani dzina la gemuyo, muone pa Network Activity adiresi imene ikusinthana nayo zinthu mosalekeza. Musadalire 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8 pa izi, chifukwa ma adiresi amenewa amayankhidwa ndi makina omwe ali pafupi nanu, ndipo njira yake si ya ku seva ya gemu. Tinene kuti mwapeza 203.0.113.25:

```
tracert -d 203.0.113.25
pathping -n 203.0.113.25
```

`-d` ndi `-n` zimangoletsa kufufuza maina, kuti zisachedwe. `pathping` imatumiza mapaketi 100 ku rauta iliyonse ya panjira n'kuwerengera otayika, ndiye imatenga mphindi zingapo, musaidule. Pa Linux `mtr -rwc 100 203.0.113.25` imachita zofanana. Chitani masana kamodzi, madzulo kamodzi, musunge zonse ziwiri.

Poyerekeza, funsani kuti kukwerako kwayambira pa mzere uti n'kusatsikanso. Ngati masana mzere wachiwiri unali 12 ms, madzulo uli 150, ndipo yonse ya pansi pake yakwera mofanana, vuto lili pakati pa nyumba yanu ndi kampani, kaya ndi waya, kaya ndi nsanja yodzaza anthu. Uwu ndi umboni wopita nawo kwa iwo, ndi tsiku ndi ola lake. Musadabwe mukaona ma adiresi oyamba ndi 10 kapena 100.64 pa mizere yoyambirira, amenewo ndi a mkati mwa kampaniyo. Ngati kukwera kwayambira pomwe netiweki yawo ikulumikizana ndi ya ena, madzulo okhaokha, ndiye kuti polumikizirapo pakudzaza. Angathe kukonza, koma si wolandira foni, pemphani kuti nkhaniyo ifike kwa amisiri.

Kulumpha kumodzi kwakukulu komwe kulipo usana ndi usiku, kopanda mapaketi otayika, kawirikawiri ndi mtunda chabe. Kuwala mu waya wa faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, choncho makilomita 100 alionse amawonjezera 1 ms popita ndi pobwera. Seva yomwe ili pa makilomita 5,000 singatsike pansi pa 50 ms ngakhale mutagula rauta yotani, ndipo mawaya sayenda mowongoka. Apa chothandiza ndi kusankha seva ya dera lapafupi mu gemumo. 60 yanu ya masana mwina ndi imeneyi, ndipo ilibe vuto.

Zinthu ziwiri zimene zidazi sizingakuonetseni. Ma seva ambiri a magemu sayankha `ping`, ndiye mizere yomaliza ikangodzaza `Request timed out.` musati seva yafa, werengani mpaka pa mzere womaliza umene wayankha. Komanso `tracert` imaonetsa njira yopita yokha, pomwe nambala iliyonse ili ndi nthawi yobwerera mkati mwake, ndipo mapaketi angabwerere njira ina yomwe simukuiona. Kuchedwa kooneka pa mzere wachisanu ndi chiwiri kungakhale kwa rauta imene siili pa mndandandawo.

Madzulo ano gemu ikayamba kugwiragwira, tsegulani mawindo awiri aja, muone lomwe likulumpha, ndipo mufunse m'nyumbamo amene wangoika foni pa chaja. Mukanditumizira chidule cha mawindo onse awiri, pa wayifayi ndi pa kebulo, tiwerengera limodzi.